Ngongole zandikwana: kodi khoti lingazifafanize, nanga banki idzandikongozanso?

"Ndili ndi sitolo ya feteleza ndi mbewu ku Ulongwe, ndipo malondawa ndachita zaka 9 m'dzina langa. Ngongole zandikwana. Ku banki kuli 1,800,000 metikali, chikole ndi lole yanga ndipo alamu anga, omwe ndi aphunzitsi, anandisainira. Kampani ya feteleza ikufuna 900,000, a ngongole zing'onozing'ono 300,000, antchito anga 120,000, msonkho ndi INSS, thumba la boma la penshoni ya antchito, 180,000. Alimi ambiri amene ndinawakongoza feteleza sanabweze. Anzanga ena akuti ndikanene kukhoti kuti ndagwa, ngongole zife. Ena akuti nditumize lole kwa achimwene anga ku Dedza zinthu zisanafike poipa. Zoona n'ziti? Ndipo ndikatero, banki idzandikongozanso?"

Wamalonda wa ku Angonia

Bambo, loleyo isasunthe pamene ili. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa n'zimene zingakupwetekeni msanga kuposa zina zonse. Kulephera kubweza ngongole si mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Koma kuzembetsa katundu amene ali chikole, kumuwolotsa malire a Kalomwe kapena kumulembetsa m'dzina la mbale n'cholinga choti okongoza asamupeze, umenewo ndiye mlandu. Khoti lili ndi mphamvu yothetsa malonda kapena mphatso zimene munthu wachita atatsala pang'ono kugwa, katunduyo n'kubwezedwa. Choncho mukhoza kutaya lole yomweyo, n'kuwonjezapo mlandu pamwamba, ndipo achimwene anu n'kulowa nawo m'mavuto amene sanawayambe.

Zoti ngongole zimafera kukhoti zili ndi kachoonadi kochepa, koma si mmene anzanuwo akuganizira. Kuno kwathu timamvera kwambiri mawailesi a ku Malawi, ndipo zambiri zimene anthu amakamba pankhaniyi n'za lamulo la kumeneko la 2016. Inu sitolo yanu ili ku Mozambique, ndiye lamulo limene likukukhudzani ndi lathu la nambala 1/2013, la pa 4 Julaye 2013. Lamuloli linapangidwira makamaka anthu amalonda ndi makampani, ndipo lili ndi njira zitatu. Yoyamba ndi insolvensiya yeniyeniyo, pamene khoti limalengeza kuti mwagwa, katundu wanu n'kugulitsidwa ndalama zake n'kugawidwa kwa okongoza. Ziwiri zinazo n'zodzutsa bizinesi, zimene maloya amati rekuperasau: ina imachitikira m'manja mwa khoti, ina mumapangana panokha ndi okongoza kunja kwa khoti koma motsata lamulo. Imene anzanu akunena ndi yoyambayo, ndiye tiyeni tiione bwinobwino ndi ziwerengero zanu zomwe, chifukwa anthu ambiri amaikhumbira asanaiwerengere.

Woweruza akalengeza insolvensiya, inu simukhalanso ndi ulamuliro pa katundu wanu. Amasankha munthu woyendetsa ntchitoyo, amene amabwera kudzalemba zonse: matumba a feteleza otsala, mbewu, sikelo, mashelefu, lole, ndalama za mu akaunti, ngakhale kope lija lolembamo alimi amene munawakongoza. Poti malonda mumachita m'dzina lanu, osati m'dzina la kampani ya Lda, palibe mpanda pakati pa katundu wa sitolo ndi katundu wa kunyumba. Ngati muli ndi njinga yamoto, ng'ombe kapena nyumba ya lendi m'tauni, zonsezo zimalowa m'gulu limodzi. Zimene lamulo limasiya ndi zinthu zofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku wa banja, monga zovala, zogonera ndi ziwiya zapakhomo. Munda nawo uli ndi nkhani yake: nthaka m'dziko muno ndi ya boma, ndipo lamulo la nthaka la 1997 limaletsa kuigulitsa, kuichititsa chikole kapena kuilanda chifukwa cha ngongole. Koma nyumba kapena nyumba yosungiramo katundu imene mwamanga panthakapo, imeneyo itha kugwidwa.

Simunandiuze mtengo wa katundu wanu, ndiye ndiyerekeza, inu mukaikemo ziwerengero zenizeni. Tinene kuti lole, ikagulitsidwa mwachangu pa malonda a khoti, yapita pa 1,100,000. Katundu wa m'sitolo wapita pa 400,000. Kwa alimi kuli 600,000, koma mlendo wochokera ku Tete atayenda m'midzi ya Domwe ndi Tsangano ndi kope lanu m'manja, mwina angatolere 250,000 yokha, chifukwa alimiwo ankakongola kwa inu pokudziwani, ndipo ambiri sanasaine pena paliponse. Zonse pamodzi zakwana 1,750,000, pamene ngongole zanu ndi 3,300,000.

Ndalama zimenezi sizigawidwa mofanana, zili ndi mzere wake. Choyamba pamachoka zolipirira mlandu womwewo ndi malipiro a woyendetsa uja, tinene 150,000. Kenako antchito anu alandira 120,000 yawo yonse, poti lamulo limawaika patsogolo. Banki itenga za lole, koma molekeza pa mtengo umene loleyo yagulitsidwa, 1,100,000. Msonkho ndi INSS zitenga 180,000. Mukachotsera zonsezi, patebulo patsala 200,000. Oyembekezera ndalama imeneyi ndi okongoza opanda chikole: kampani ya feteleza ndi 900,000 yake, a ngongole zing'onozing'ono ndi 300,000, komanso banki yomwe ija, imene yabwereranso kumapeto kwa mzere ndi 700,000 imene lole sinakwanitse. Onse pamodzi akufuna 1,900,000, ndipo agawana 200,000. Aliyense alandira pafupifupi 10 metikali pa 100 iliyonse imene anakukongozani.

Tsono 1,700,000 yotsalayo imapita kuti? Apa m'pamene anzanu aphonya. Mlandu ukatsekedwa, ngongole yotsalayo sikufa tsiku lomwelo. Lamulo limamasula munthu wogwa ngati wabweza zonse, kapena ngati katundu atagulitsidwa okongoza opanda chikole aja alandira zopitirira theka la ndalama zawo, ndipo mumaloledwa kuwonjezera kuchokera kwina kuti mufike pamenepo. Kwa inu theka la 1,900,000 ndi 950,000, kutanthauza kuti mungafunike kupeza ina yoposa 750,000 mulibe sitolo, mulibe lole. Zikakanika, mumadikira zaka 5 kuchokera tsiku limene mlandu watsekedwa, osati tsiku limene unayamba, ndipo mlandu wotere sutha m'miyezi iwiri. Munthu akapezeka wolakwa pa zachinyengo, monga zozembetsa lole zija, zakazo zimakhala 10. Ndipo kufikira woweruza atalemba chigamulo chokumasulani, simuloledwa kuchita malonda m'dzina lanu. Kwa munthu amene wadyetsa banja ndi sitolo zaka 9, chilango chenicheni ndi chimenechi.

Pali wina amene insolvensiya yanu siimuteteza ngakhale pang'ono, ndipo ndikufuna mumuganizire musanachite chilichonse. Alamu anu aja sanasaine ngati mboni yongoona. Mabanki kuno amasainitsa kapepala kotchedwa livransa, nthawi zambiri malo a ndalama ali osalemba, ndipo wosaina kumbuyo kwake ngati avalista amakhala wavomera kulipira ngati kuti ngongoleyo ndi yake. Banki ikhoza kulemba ndalama yotsala pa kapepalako n'kupita nako kukhoti m'dzina la alamu anu, osadikira kuti mlandu wanu uthe. M'chitsanzo chathu, banki ikalandira za lole ndi kagawo kake kakang'ono kaja, itsala ikufuna pafupifupi 626,000, osawerengera chiwongoladzanja. Mphunzitsi ndi wosavuta kumupeza chifukwa malipiro ake amadutsa ku banki mwezi ndi mwezi. Khoti silingatenge malipiro onse, limalekeza pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Tiyerekeze kuti amalandira 18,000: akamadulidwa 6,000 pamwezi, atenga zaka zoposa 8 akulipira feteleza amene sanathire m'munda mwawo. Ngati sakudziwa mmene zinthu zilili, akamve kwa inu sabata ino, asadzamve kwa wobweretsa masamoni.

Choncho insolvensiya ndi njira ya munthu amene bizinesi yake yafadi, imene ngakhale atamukhululukira ngongole zonse lero, mwezi wamawa ikhala ikudya ndalama m'malo mobweretsa. Kwa woteroyo ili ndi ubwino wake, ndipo sindiinyoza. Imaletsa okongoza kulimbirana katundu aliyense payekha, wamphamvu n'kutenga zonse. Imateteza antchito. Imaikanso malire a zaka, kuti munthu asafe ndi ngongole imene ikungoberekana. Koma sindikukhulupirira kuti inu mwafika pamenepo, chifukwa chimene chakugwetsani, malinga ndi kalata yanu, si kusowa kwa ogula ayi, koma kukongoza feteleza amene inunso munachita kukongola.

Njira yodziwira ndi imodzi, ndipo ifuna madzulo awiri kapena atatu muli ndi kope ndi cholembera. Tengani miyezi 12 yapitayi, osati miyezi ya Okutobala mpaka Disembala yokha pamene sitolo imadzaza anthu, komanso ya Febuluwale ndi Malichi pamene mumangothamangitsa ntchentche. Lembani zimene munagulitsa pa kashi. Chotsanipo mtengo wogulira katunduyo, lendi, malipiro a antchito, mafuta, magetsi, msonkho wa chaka chimenecho, ndi ndalama imene banja limadya, ndipo pa ya banjayi musadzinamize. Ngongole zakale ndi chiwongoladzanja chake musaziikemo kaye. Chotsalacho ndicho mphamvu yeniyeni ya bizinesi yanu. Chikakhala ziro kapena kuchepera apo, musavutike ndi zodzutsa bizinesi, mungowonjezera ngongole za loya. Chikakhala chooneka, muli ndi chinthu choti mukaike patebulo.

Tinene kuti mwapeza kuti, mutakhala opanda lole n'kumachita hayala galimoto, sitolo ingamatsale ndi 45,000 pamwezi tikaphatikiza miyezi yabwino ndi yoipa, ndiye kuti 540,000 pachaka. Dongosolo lanu likhoza kukhala lotere. Lole muigulitse nokha, banki itavomereza polemba, ndipo wogula akalipire ku banki komweko. Galimoto yogulitsa mwini wake, ikuyenda, matayala ali bwino, m'nyengo yokolola pamene ogula chimanga, soya ndi mbatatesi akusaka transipoti, imapeza mtengo wabwino kusiyana ndi imene yakhala miyezi pabwalo la khoti batire itafa. Tinene 1,300,000. Ngongole ya banki yatsika kufika pa 500,000. Okongoza opanda chikole tsopano akufuna 1,700,000. Chaka choyamba mulipire antchito 120,000 yawo ndi 180,000 ya msonkho ndi INSS, patsale 240,000 ya okongoza. Chaka chachiwiri ndi chachitatu 540,000 chilichonse. Pa zaka zitatu mwasonkhanitsa 1,320,000. Musalonjeze yonseyo. Lonjezani 70 pa 100 iliyonse, imene ndi 1,190,000, chiwongoladzanja chitaimitsidwa, kuti 130,000 yotsalayo idzakugwireni mvula ikadzavuta chaka china.

Onani tsono mmene nkhaniyi ikumvekera kwa mkulu wa kampani ya feteleza. Mukagwa, pa 900,000 yake alandira pafupifupi 95,000, ndipo wataya wogulitsa wake ku Ulongwe. Akavomera dongosolo lanu alandira 630,000, ndipo mupitiriza kumugula katundu pa kashi. Simukupita kukapempha chifundo, mukupita kukamuonetsa masamu. Pepala limodzi lokhala ndi ziwerengero ziwirizi moyandikana limagwira ntchito kuposa kulira kwa ola lathunthu mu ofesi yake. Masiku olipira muwaike mogwirizana ndi mmene ndalama zimalowera kwanuko: gawo lalikulu pakati pa Juni ndi Ogasiti alimi akagulitsa zokolola, lina mu Disembala malonda a feteleza akatha. Madongosolo ambiri amafa chifukwa munthu anavomera kulipira mofanana mwezi uliwonse, Febuluwale n'kumupeza alibe kanthu.

Pangano lotere likhoza kuchitika kunja kwa khoti, ndipo kwa bizinesi ya msinkhu wanu ndi kumene ine ndingayambire. Lamulo la 2013 lija limapatsa pangano la kunja kwa khoti mano ake: likasainidwa ndi okongoza amene ali ndi zopitirira magawo atatu mwa asanu a ngongole za gulu limodzi, n'kutsata ndondomeko yokalisiya kukhoti, limamanganso otsala a m'gululo ngakhale akane. Ngongole za antchito ndi za msonkho sizilowa m'menemo, zimenezo mumakambirana padera, ndipo ku ofesi ya msonkho mumachita kupempha polemba kuti muzilipira pang'onopang'ono. Pa 1,700,000, magawo atatu mwa asanu ndi 1,020,000. Banki ndi a ngongole zing'onozing'ono ataphatikizana akungofika 800,000, sakukwana. Kampani ya feteleza ikagwirizana ndi mmodzi aliyense mwa awiriwo, mwadutsa. Ndiye khomo loyamba kugogoda ndi la kampani ya feteleza, ngakhale kuti amene akuimba foni kawirikawiri ndi a ngongole zing'onozing'ono. Anthu ambiri amalipira wofuula kwambiri, kusiya amene ali ndi kiyi. Komanso kukondera wokongoza mmodzi mwamseri pamene mukudziwa kuti mukugwa ndi chimodzi mwa zinthu zimene khoti lingadzathetse pambuyo pake.

M'panganolo musaiwale alamu anu. Banki ikavomera kulandira 350,000 pa 500,000 yake, 150,000 imene yakukhululukirani inu ikhoza kukaifuna kwa avalista, pokhapokha pangano litanena momveka kuti nayenso wamasulidwa ndipo livransa idzabwezedwa mukamaliza kulipira. Mzere umodzi umenewu ngofunika kuposa masamba ena onse, ndipo banki siiulemba yokha mukapanda kuupempha.

Nanga wina akakana kudikira, n'kuthamangira kukhoti kuti alande katundu wa m'sitolo Okutobala ali pafupi? Pamenepo m'pamene rekuperasau ya m'khoti imakhala ndi phindu. Amaloledwa kupempha ndi wamalonda amene wakhala akuchita malonda movomerezeka kwa miyezi yoposa 12. Woweruza akalandira pempholo, milandu yolanda katundu imaima kwa masiku osapitirira 180, ndipo inu mumapitiriza kuyendetsa sitolo, woyang'anira wosankhidwa ndi khoti akukuonani. Mumapatsidwa masiku 90 kuti mupereke dongosolo lanu. Wokongoza wina akalitsutsa, onse amaitanidwa ku msonkhano kukaponya voti. Likadutsa, khoti limakuyang'anirani zaka ziwiri.

Koma khomo limeneli lili ndi msampha umene muyenera kuudziwa musanalowe. Mukalephera kupereka dongosolo m'nthawi yake, kapena okongoza akalikana pa msonkhano, kapena mukaphonya malonjezo m'zaka ziwirizo, woweruza sangokubwezani kunyumba. Amalengeza insolvensiya. Mwalowa kukafuna mankhwala, mwatuluka katundu akulembedwa. Chachiwiri, pempholi limafuna mapepala: maakaunti a bizinesi olembedwa bwino, mndandanda wa okongoza onse ndi ndalama zawo, mndandanda wa antchito ndi zimene muyenera kuwalipira, masitetimenti a ku banki. Amalonda ambiri a m'maboma muno ali ndi chiphaso cha malonda cha alivara ndi nambala ya msonkho ya NUIT, koma maakaunti awo ndi kope la sukulu ndi mauthenga a pafoni. Ngati inunso zili choncho, pezani wowerengera ndalama wovomerezeka akukonzereni zimenezi musanaonane ndi loya. Chachitatu ndi mtengo. Loya, wowerengera ndalama, woyang'anira, zolengeza m'nyuzipepala, ndi maulendo a ku Tete, mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulongwe, zonsezi zimadya ndalama yomwe ija mukanapatsa okongoza. Njirayi inasokedwa pa thupi la makampani akuluakulu, ndipo pa sitolo imodzi imakhala yolemera. Muisunge ngati chida chomaliza, ndipo okongoza adziwe kuti mukuidziwa. Munthu amene alibiretu ndalama ya loya angathe kukayamba ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, imene imapezeka m'maboma.

Tsopano za kukongolanso. Choyamba dziwani kuti dzina lanu silikudikira khoti kuti lide. Banki Yaikulu ya Mozambique imasunga kaundula wa ngongole amene a banki amamutcha CRC, ndipo mabanki amatumizako mwezi uliwonse dzina la wokongola aliyense, ndalama imene watsala nayo, ndi imene yapitirira tsiku lake. Mukapita ku banki ina kukapempha ngongole, chinthu choyamba chimene amachita ndi kuyang'ana m'menemo. Ngongole ikapitirira masiku 90 osalipidwa, imawerengedwa m'gulu la ngongole zoipa, ndipo banki imakakamizika kuika ndalama zake padera zokwirira dzenjelo. N'chifukwa chake amene ankakumwetulirani chaka chatha lero sakukuyankhani bwino. Ndi chifukwa chomwechonso kukambirana kumaphweka masiku 90 asanakwane. Avalista nayenso amaoneka m'kaundulamo, choncho alamu anu akafuna ngongole yawoyawo, yanu ija idzawatsekereza. Kuwonjezera apo, lamulo la 2015 linalola makampani apadera kusunga mbiri ya ngongole za anthu, kotero musadalire kuti ngongole ya kunja kwa banki yaikulu siidzadziwika.

Chimene wokongoza wamawa adzayang'ane si chakuti munapunthwapo, koma mmene ngongoleyo inathera. Pali mathero atatu, ndipo salemera mofanana. Ngongole imene inakonzedwanso mwa pangano n'kulipidwa mpaka kumapeto imaoneka kuti inavutapo, koma inatsekedwa, ndipo munthu wotere amabwerera pamzere, ngakhale poyamba amapatsidwa zochepa, pa chikole cholimba ndi chiwongoladzanja chokwera. Insolvensiya imalembedwa m'kaundula wa mabizinesi ndipo imalengezedwa poyera, ndiye mpaka mutamasulidwa ndi chigamulo palibe banki imene ingakongoze malonda amene lamulo likukuletsani kuchita. Mukamasulidwa, lamulo sililetsa aliyense kukukongozani, koma silikakamizanso aliyense, ndipo banki imene inataya ndalama pa inu ili ndi mabuku akeake amene saiwala. Mathero achitatu ndi amene amanyenga anthu ambiri: kungokhala chete mpaka mafoni atasiya kulira. Banki ikatopa imachotsa ngongoleyo m'mabuku ake a phindu, munthu n'kumati yafa. Sinafe. Mlandu suwola: idakali m'dzina lanu, ikhoza kuperekedwa kwa otolera ngongole, ndipo idzatulukira tsiku limene mudzafune ngongole yogulira chigayo zaka zikubwerazo.

Chinthu china chaching'ono chimene chimawononga kwambiri ndi cheke. Kampani ya feteleza ikakuuzani kuti musiye macheke a masiku akutsogolo ngati chitsimikizo cha pangano, kanani mwaulemu pokhapokha mukutsimikiza kuti ndalama idzakhalamo. Cheke chobwerera chili ndi kaundula wakewake ku Banki Yaikulu, chimakulanditsani ufulu wogwiritsa ntchito macheke, ndipo chikhoza kusanduka mlandu wa upandu, pamene ngongole wamba sikanatero. Chimodzimodzinso katapila: kukatenga ya 30 pa 100 pamwezi kuti mutseke pakamwa pa banki mwezi uno ndi kumene kumasandutsa bizinesi yodwala kukhala yakufa, ndipo wakatapila sadzabwera ku msonkhano wa okongoza, adzabwera kunyumba.

M'zaka zitatu za dongosolo lanu musayembekezere ngongole ya banki, ndipo kunena zoona simukuifuna. Ngongole yoyamba kubwerera idzachokera kwa ogulitsa katundu. Kampani imene yaona mukulipira Ogasiti ndi Disembala osaphonya, idzayamba kukupatsani matumba ochepa oti mulipire pakatha masiku 30, kenako ochulukirapo. Ndalama zonse za sitolo zizidutsa mu akaunti, ngakhale zolandira pafoni, chifukwa sitetimenti ya miyezi 12 yoonetsa ndalama zikulowa mokhazikika ndi umboni umene wogwira ntchito ku banki angautengere kwa akuluakulu ake. Ndipo feteleza wokongoza alimi, ngati simungathe kusiyiratu, akhale wochokera m'phindu lanu, pa pepala losainidwa, osati wochokera m'ngongole.

Mukamaliza kulipira wokongoza aliyense, musachoke ndi chisangalalo chokha. Pemphani kalata yosainidwa ndi kudindidwa yonena kuti ngongole nambala yakutiyakuti yatha ndipo palibe chotsala. Ku banki mutengenso livransa ija, ndipo muonetsetse kuti chikole cha lole chafafanizidwa m'kaundula, apo ayi wogula uja adzavutika posintha umwini n'kubwerera kwa inu. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, pitani ku nthambi ya Banki Yaikulu ku Tete ndi chiphaso chanu ndi NUIT, mukapemphe kuona zimene zalembedwa pa dzina lanu mu CRC. Zimachitika kuti ngongole yolipidwa imakhalabe ikuoneka chifukwa amene anayenera kutumiza uthenga sanatumize. Wokonza cholakwikacho ndi banki imene inatumiza dzinalo, ndiye mumailembera kalata mutaphatikiza fotokope ya kalata yotsekera ija, ndipo ikazengereza mumakadandaula ku Banki Yaikulu. Alamu anu nawonso akachite chimodzimodzi pa dzina lawo.

Za sabata ino ndi izi: masamu a miyezi 12 aja, kukhala pansi ndi alamu anu, ndi kalata yopita ku banki yopempha chilolezo chogulitsa lole nokha. Kalatayo mupite nayo pamanja, ndipo fotokope yanu aidinde tsiku limene alandira. Mukamapita ku kampani ya feteleza, fotokope yodindidwayo ikhale m'chikwama limodzi ndi pepala la ziwerengero ziwiri zija, kuti akaone kuti banki mwayamba kale kukambirana nayo.